84 ya Mlamu Wanga

Ntchito yophatikiza malikesi a kalasi aphunzitsi anzanga amaiopa ngati jakisoni, koma ine chaka chino ndinailowa ndikuimba mluzu. Sukulu inali itanditumiza kukaphunzira kompyuta, ndipo ndinabwerako ndi satifiketi yokhala ndi chidindo chagolide komanso pakamwa posatseka. M'chipinda cha aphunzitsi ndinkayankhula ngati kompyutayo ndinaipanga ndine. Anzanga akamalemba mizere ndi rula pa mapepala awo akuluakulu, ndinkawadutsa ndikupukusa mutu mowamvera chisoni.

Ntchitoyo payokha si yozunguza. Ndine mphunzitsi woyang'anira Fomu 3, kalasi ya ana 47. Mayeso a kumapeto kwa chaka akatha, mphunzitsi wa phunziro lililonse amandipatsa mndandanda wa malikesi ake, ndiye ine ndimaika zonse mu rejisitala imodzi: maina a ana kumanzere motsika, motsata alifabeti, ndipo maphunziro asanu ndi atatu pamwamba mopingasa, lililonse ndi mzere wake wotsika. Ukatsata dzina la mwana kupita kumanja umaona chaka chake chonse. Pa sukulu yathu lamulo ndi lakuti wopita ku Fomu 4 akhoze maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo kukhoza kumayambira pa 40. Wolephera amabwereza, koma kamodzi kokha. Akalepheranso, a Hedi amamulembera kalata yabwino yomufunira mafuno abwino kwina.

Lamulo lomalizali linkandikhudza mpaka kunyumba, chifukwa m'kalasimo munali mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, amene Fomu 3 anali kuiona kachiwiri. Apongozi anamutumiza kwathu atalephera chaka chatha. Anati n'zopanda nzeru kuti mwana azivutika pomwe m'banja muli mphunzitsi. Ine ndinavomera mwamphamvu, poti ndinali pamaso pa apongozi, ndipo pamaso pa apongozi ndimavomera ngakhale kunyamula nyumba. Mnyamatayo ankagona pabalaza, m'mawa n'kupinda matiresi ake kuseri kwa sofa. Anali wofatsa, wa mapazi aakulu, wodziwa kukonza loko, ayironi ndi mpope wa m'bafa. Koma ukamuika pamaso pa buku, nkhope yake inkazima.

Madzulo ndinkamuphunzitsa masamu pa tebulo lodyera. Ine ndimaphunzitsa Jogalafe, ndipo masamu ndinasiyana nawo kalekale popanda kutsanzikana. Ndinkawerenga chitsanzo cha m'buku mokweza, kenako mokweza kwambiri, ndipo akapanda kumva ndinkamufunsa ngati mutu wakewo ndi wongonyamulira chipewa. Akazi anga kukhitchini ankamva phokosolo n'kumaganiza kuti maphunziro akuyenda.

Mindandanda inayamba kufika Lolemba, ndipo uliwonse unabwera ndi khalidwe la mwini wake. A Bayoloje analemba pamanja, motsata mmene ana amakhalira m'kalasi, kuyambira pa desiki la pakhomo mpaka la pakona. A Mbiri anayamba ndi wokhoza kwambiri kutsika mpaka wotsiriza, komanso mayeso awo anali a pa 60, kotero malikesi aliwonse ndinayenera kuwachulukitsa ndi 100 n'kugawa ndi 60 kuti afanane ndi enawo. A Chizungu analemba maina oyamba okhaokha, pomwe m'kalasimo muli atsikana atatu a dzina limodzi. Ndinawatsatira mpaka ku bwalo la mpira kukafunsa kuti uyu ndi uti, ndipo iwo anandiyankha kuti wa 62 ndi wamfupi uja. A Ulimi ananditumizira chithunzi pafoni, chojambulidwa pepala lili pabondo, chala chawo chachikulu chitaphimba ana awiri.

Yonseyi ndinaigwira bwino, ndipo pano ndilole ndidzitame pang'ono poti mpata wake sudzabweranso. Ndinkatenga dzina limodzi pa mndandanda, kulifunafuna mu rejisitala, kulemba malikesi m'bokosi lake, n'kuchonga pa pepala kuti ndadutsapo. Ndinkang'ung'udza, koma sindinkadumpha mwana. Pomwe sindinamvetse ndinkadzuka kukafunsa. Mndandanda ukakhala wosokonekera, munthu umayenda nawo ngati ukuwoloka msewu.

Lachitatu masana a Masamu anandipatsa mndandanda wawo pa fulashi ya kompyuta. Mayi ameneyu ndi waudongo woopsa, choko chake amasunga m'kabokosi, ndipo ana amati ngakhale akamakalipa ziganizo zake zimakhala ndi fulusitopu. Nditatsegula ndinapeza mndandanda wotaipa bwino, maina motsata alifabeti, nambala ya mwana aliyense pambali, malikesi a pa 100. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinayang'ana dzina loyamba, linafanana ndi la mu rejisitala yanga. Lachiwiri ndi lachitatu chimodzimodzi. Ndinati apa ndiye pofunika munthu wa satifiketi. Ndinakopera mzere wonse wa malikesi kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuumata mu mzere wa Masamu kamodzi n'kamodzi. Ndinakweza ngakhale mawu kuti a Bayoloje, amene anali pafupi ndi rula yawo, amve kuti phunziro lathunthu ndalimaliza tiyi wawo asanazizire.

Pansi penipeni panatsala bokosi limodzi lopanda kanthu, pa dzina la mnyamata womaliza mu rejisitala, amene anzake amamutcha Mchira chifukwa cha malo akewo. Ndinaliona ndithu. Koma a Masamu pondipatsa fulashi anali atanena akutuluka kuti mwana mmodzi sanalembe. Ndinati basi ndi ameneyu, n'kulembamo kuti sanalembe. Ndinadziyamikiranso kuti sindinaikemo ziro ngati mmene amachitira aphunzitsi osaphunzira kompyuta.

Kenako ndinatsitsa maso pa dzina la mlamu wanga. Chizungu 44, Bayoloje 41, Ulimi 58, Fizikisi 46, Jogalafe yanga 40, ndipo 40 ameneyo ndikulumbira kuti anali wake. Mbiri ndi Kemisitiri anagwa. Pamenepo anali ndi asanu, ndipo lachisanu ndi chimodzi linali kudalira masamu. M'bokosi la masamu munali 84.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Mnyamata amene sabata yapitayo ankandifunsa ngati x amakhala nambala yomweyo tsiku lililonse, 84 akanaitola kuti? Koma funso limenelo silinandifike n'komwe. Chimene chinandifika ndi chakuti ndine mphunzitsi woopsa, ndipo dziko lakhala likundiwononga pondisiya ku Jogalafe. Ndinakumbukira madzulo onse aja pa tebulo lodyera, ndipo kukalipa kwanga kunasanduka njira yophunzitsira. Pansi pa dzina la mlamu panali la mtsikana wina wosayankhula, amene timamutcha Kachetechete, ndipo iye masamu anali ndi 22. Ndinadabwa pang'ono chifukwa ndinkamva kuti masamu ndiye kwawo, koma ndinangoti atsikana a msinkhu uwu amasokonezeka. Anali ndi asanu okha, ndipo ndinamuika chizindikiro chofiira cha obwereza.

A Masamu sindinawauze kanthu. Ndinasunga nkhaniyo kuti ndikaitulutse pa msonkhano wa aphunzitsi wa mawa lake masana, pomwe timawerenga okwera ndi obwereza. Ndinakonza ndi mawu omwe. Ndinkafuna kudzanena modzichepetsa kuti ana ena amangofuna munthu wowafotokozera mofatsa kunyumba.

Malikesi saloledwa kutuluka msonkhano usanachitike. Lamuloli ndimalidziwa bwino chifukwa ndimalikumbutsa anzanga chaka chilichonse. Tsiku limenelo ndinalisunga kuchokera pa geti ya sukulu mpaka pa khomo la nyumba yanga. Nditangolowa ndinaitana akazi anga, amene anali kusita mayunifomu a ana, ndipo ndinawauza kuti akhale pansi. Iwo anaganiza kuti kwagwa maliro. Nditatchula 84 anandifunsa kawiri ngati ndikunena mchimwene wawo yemweyu, kenako anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi, ayironi ili chiimire pa kolala.

Mlamu anali panja akumanga waya wa zovala umene unaduka. Ndinamuitana, ndipo analowa akupukuta manja pa kabudula, nkhope ili yokonzekera kukalipidwa. Ndinamugwira paphewa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kumuuza kuti wakwera, ndipo masamu wawapha ndi 84. Anandiyang'ana, anayang'ana achemwali ake, kenako anayang'ana pansi. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu wosazolowera kuyamikiridwa. Ndinamuuza kuti kuyambira kale ndinkadziwa kuti m'mutu mwakemo muli kanthu, ndipo ndinanena zimenezi ndi nkhope youma, ngati za chipewa zija ananena ndi munthu wina.

Akazi anga anaimbira apongozi pomwepo, foni ili pokweza. Apongozi aakazi anaimba kanyimbo kothokoza Mulungu, ndipo apongozi aamuna, amene chikwatirire sanandiuzepo mawu opitirira asanu, anapempha kuti ayankhule nane. Anati anali atakonza kale zoti mnyamatayo akalephera akamusiye ku galaja ya msuweni wawo, koma tsopano aona kuti mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi munthu. Ine ndinayankha kuti si ine ayi, ndi khama la mwanayo, koma ndinayankha mwa njira yoti aliyense amve kuti ndi ine. Pa chakudya cha madzulo mlamu ndinamukhazika pa mpando wanga, ndipo ana anga ndinawauza kuti atengere chitsanzo kwa amalume awo. Iye anadya pang'ono. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi ya tsiku limenelo inali itavala tayi.

M'mawa mwake ndinafika ku sukulu ndikuyenda ngati woyendera masukulu. Pa khonde la makalasi ndinakumana ndi Mchira atanyamula tsache. Poti mtima unali bwino, ndinaganiza zomudzudzula mwachikondi. Ndinamufunsa chimene anathawira mayeso a masamu.

"Ine ndinalemba, sala," anatero. "Ndinakhala kutsogolo penipeni. Amene sanalembe ndi Mtali, anali kuchipatala ndi mwendo uja."

Ndinamuuza kuti apitirize kusesa. Ndinapita m'chipinda cha aphunzitsi mosathamanga, chifukwa mphunzitsi sathamanga ana akuona. Ndinatsegula rejisitala. Mtali, mnyamata amene dzina lake lili chapakati pa mndandanda, amene tsiku la mayeso anali chigonere ndi pulasitala, ndinali nditamupatsa 55. Ndinatsegula mndandanda wa a Masamu n'kuwerenga maina. Anali 46. Mayi waudongo uja, mwana akapanda kulemba, samusiyira mpata, amangochotsa dzina lonse kuti pepala lioneke bwino.

Ndinaika mindandanda iwiriyo pambali ndi pambali, chinthu chimene ndikanachita dzulo lake tiyi wa a Bayoloje akuzizira. Kuyambira pamwamba mpaka pa Mtali zonse zinali bwino. Kuyambira pa Mtali kutsika, mwana aliyense anali atanyamula malikesi a mnzake wa pansi pake. Mtali anatenga a womutsatira, womutsatirayo anatenga a winayo, choncho mpaka pansi, pomwe Mchira anatsala chimanjamanja poti pansi pake palibe munthu woti amulande. Mzere wonse unali utakwera ndi bokosi limodzi. Nambala za ana zinali pomwepo pambali pa maina, zikundiyang'ana, ndipo ndikanangofananiza ziwiri zitatu za pansi ndikanaona. Ine ndinayang'ana mutu wokha n'kukhulupirira kuti miyendo iliko.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Ndinatsegula mpata pa dzina la Mtali, kulembamo kuti sanalembe, ndipo malikesi onse a pansi anatsika ndi bokosi limodzi kubwerera kwa eni ake. Kenako ndinadutsa mwana mmodzimmodzi, nambala ndi nambala, chala chili pa galasi la kompyuta ngati wa Sitandade 1. Ambiri anangosintha malo pa mndandanda wa okhoza, wina kukwera wina kutsika. Amene anawoloka malire a kukwera ndi kubwereza anali awiri okha. 84 ija inatsikira kwa Kachetechete, mwini wake, ndipo chizindikiro chofiira chinachoka pa dzina lake. Kwa mlamu wanga kunatsikira yake yeniyeni, imene inagona usiku wonse kwa mnyamata wa pamwamba pake. Inali 17.

Ndinakhala ndikuyang'ana 17 ameneyo nthawi yaitali. M'chipindamo munali a Ulimi okha, akuwodzera pa nyuzipepala. Ndinaganiza za apongozi aamuna ndi mawu awo aja, za akazi anga amene m'mawa anandiikira mazira awiri m'malo mwa limodzi. Ndinaona kuti 1 ndi 4 n'zoyandikana, kungoonjeza timizere tiwiri. Ndinafufuta 17 n'kulemba 47. Rejisitala sinakane, kompyuta sinalire, denga silinagwe. Mzere wa mlamu unaoneka bwino, maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo palibe mwana wina amene akanalandidwa kanthu.

Ndikanakonda kunena kuti chikumbumtima ndicho chinandibweza. Chinalipo ndithu, koma chinafika mochedwa, chitatsogoleredwa ndi mantha. A Masamu amasunga mapepala a mayeso m'kabati mwawo, omanga ndi mphira, ndipo pa msonkhano amabwera ndi mndandanda wawo n'kumatsatira ndi pensulo pamene ena tikuwerenga. Ndinawaona m'maganizo akukweza pensuloyo. Pambuyo pake m'pamene ndinaganizanso kuti mnyamata wa 17 ndikamukankhira ku Fomu 4 ndi 47 wabodza, mayeso a boma sadziwa kuti ndi mlamu wa munthu. Ndinabwezeramo 17, ndipo chizindikiro chofiira ndinachiika ndekha pa dzina lake.

Msonkhano unayenda monga misonkhano yonse. A Hedi anayamba ndi kudandaula za mawindo osweka, kenako tinawerenga makalasi. Itafika nthawi yanga ndinawerenga Fomu 3 ndi mawu a munthu wodwala chimfine. A Masamu ankatsatira ndi pensulo yawo, ndipo nditamaliza ananena pamaso pa onse kuti aka n'koyamba kuti mzere wawo ulowe mu rejisitala popanda cholakwika ngakhale chimodzi. A Hedi anati izi ndi zipatso za maphunziro a kompyuta aja, ndipo chaka chamawa ndidzaphunzitse anzanga onse. Anthu anaomba m'manja. Ndinagwedeza mutu modzichepetsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga kudzichepetsako kunali koona.

Pa dzina la mlamu a Hedi anaima pang'ono, poti amadziwa kuti ndi wa m'nyumba mwanga. Anandifunsa ngati pali choti ndinene. Ndinati palibe, lamulo ndi lamulo. Anandiyang'ana mwaulemu waukulu ngati munthu wa chilungamo chosagwedezeka, osadziwa kuti 47 anali atakhalamo m'bokosimo nthawi yokwana kumwa kapu ya madzi.

Popita kunyumba ndinazungulira njira yaitali, yodutsa kuseri kwa msika ndi pa malo ochapira magalimoto, njira imene sindidutsa chifukwa cha matope. Ndinayeseza mawu. Ndinaganiza zonena kuti kompyuta inasokoneza, koma ndinali nditauza akazi anga kambirimbiri kuti kompyuta silakwa, amalakwa ndi munthu. Ndinaganiza zonena kuti a Masamu ndiwo anachotsa dzina, zomwe zinali zoona, koma ndinadziwa kuti akazi anga adzafunsa kuti nanga maso anu anali kuti. Ndinafika pa geti ndilibe chiganizo ngakhale chimodzi choimirira.

Mlamu ndinamupeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa ndowa yovundikira, akutsegula wailesi ya aneba ndi mpeni wa patebulo. Tizomangira anatindandalika bwinobwino pa chivundikiro cha botolo. M'nyumba munkamveka akazi anga akuimba, ndipo fungo la nyama yokazinga linkatuluka pa windo. Pakati pa sabata kwathu sitikazinga nyama. Ndinakoka njerwa n'kukhala moyang'anana naye, thalauzi langa la ku ntchito lomwelo.

Ndinayamba ndi kufotokoza za mizere. Ndinamuuza za Mtali ndi mwendo wake, za maina 46 ndi 47, za bokosi limodzi limene linakwera. Ndinajambula ngakhale pansi ndi kamtengo, ndipo ndikuganiza kuti chaka chonse ndinali ndisanamufotokozerepo chinthu momveka chotero. Iye ankamvetsera mpeni uli m'manja. Pomaliza ndinatchula 17.

"Ndimadziwa, alamu," anatero, osadzutsa mutu.

Ndinamufunsa kuti wamva kwa ndani, poti msonkhano wangotha kumene.

"Palibe wandiuza. Ndinayankha mafunso atatu okha, enawo ndinangokopera funso. 84 ikanachokera kuti?"

Apa mkwiyo unandibwerera, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri chifukwa unali wopepuka kuposa manyazi. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere dzulo, m'malo mondisiya ndiimbire dziko lonse, ndidzitame pamaso pa bambo ake, ndimukhazike pa mpando wanga. Ndinati akanangotsegula pakamwa, zonsezi sizikanafika apa.

Anaika mpeni pansi. Anati poyamba anafuna kunena, pamene ndinamugwira paphewa paja, koma anaona achemwali ake akulira ndi chimwemwe ndipo mawu anakana. Kenako bambo ake anayankhula pafoni.

"Chibadwire sindinawamvepo adadi akunena za ine choncho," anatero. "Inunso simunandiyang'anepo mmene munandiyang'anira dzulo. Ndimadziwa kuti si zanga, ndimadziwa kuti muzipeza. Ndinangoti ndimveko tsiku limodzi mmene amamvera anzanga okhoza."

Ndinayang'ana mizere imene ndinajambula pa dothi ija. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo gawo lalikulu la chisonicho, kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, silinali lodzimvera ndekha. Mnyamatayu anagona pabalaza panga chaka chathunthu, anakonza chilichonse chothyoka m'nyumba mwanga, ndipo mawu abwino oyamba kumuuza ndinamuuza chifukwa cha malikesi a mwana wa eni.

Anandifunsa kuti 84 inali ya ndani. Nditamuuza anagwedeza mutu, n'kunena kuti mtsikana ameneyo ndi woyenera, amathandiza aliyense m'kalasi ngakhale sayankhula. Anafunsanso ngati kalata ya a Hedi ituluka mawa pamodzi ndi malipoti. Ndinati inde. Anati za ku galaja sakuziopa, injini amazikonda, chimene chikumuvuta ndi nkhope ya adadi ake akamva. Kenako anayang'ana ku windo kumene kunkachokera nyimbo, n'kutsitsa mawu.

"Achemwali musawauze kuti munalakwitsa ndinu. Ndiwauza kuti ndinabera mayeso, aphunzitsi andigwira lero. Ine ndikuchoka kale, alamu. Inu mutsala nawo."

Ndinene zoona, ndinaliganizira. Sindinaliganizire nthawi yaitali, koma ndinaliganizira, ndipo ndinaona kuti likanagwira ntchito bwino kwambiri. Apongozi akanapitiriza kunena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Mlamu ankandiyang'ana akudikira, nkhope yake ili yokonzeka kusenza zimenezonso, monga mmene amasenzera thumba la makala ndikamutuma.

Ndinadzuka pa njerwa paja n'kusasa thalauzi. Ndinamuuza kuti amalize wailesi ya eni ake, asalowe mpaka nditamuitana. Kukhitchini ndinapeza akazi anga akutembenuza nyama, foni ili pa shelefu. Atandiona anamwetulira, n'kundiuza kuti apongozi aimbanso masana, akuti akwera basi Loweruka kudzandithokoza pamaso.

"Mayi a ana," ndinatero, "tazimitsani kaye moto."